Pati taimu ya masamu ndi Chingerezi: poyambira, kopeza ana ndi kaikidwe ka mtengo

Kholo likabwera ndi mwana wake kuti mumuphunzitse pati taimu, limanena kalasi: ali Sitandade 7, ali Fomu 2. Kalasiyo imangokuuzani mabuku amene mwanayo akusenza m'chikwama. Pamene nzeru zake zinatsakamira ndi pena, ndipo kawirikawiri ndi makalasi awiri kapena atatu kumbuyo. Ntchito yonse ya pati taimu imayambira pa kupeza malo amenewo. Mukawapeza, mudzadziwa gulu lomuikamo mwanayo, zomuphunzitsa, nthawi imene zitenge, ngakhalenso ndalama zimene mungatchule kwa makolo osachita manyazi.

Choyamba, sankhani makalasi amene mungawakwanitse

Musalandire aliyense kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4. Amene ali ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi kirediti ya masamu ndi Chingerezi akhoza kugwira bwino Sitandade 5 mpaka 8, mwinanso Fomu 1 ndi 2. Fomu 3 ndi 4 imafuna munthu amene masamu ake adakali otentha m'mutu. Ine ndimalangiza oyamba kumene kuti ayambire Sitandade 5 mpaka 8, pa zifukwa ziwiri. Sitandade 5 ndi pamene m'sukulu zambiri za boma phunziro lililonse, kupatula Chichewa, limayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo ana ambiri amasokonekera pomwepo. Komanso kumapeto kuli mayeso a PSLCE a MANEB, amene zotsatira zake ndi zimene amasankhira ana kupita kusekondale, choncho makolo amaliona phindu la kulipira.

Pezani mabuku omwewo amene ana amagwiritsa ntchito kusukulu, olembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Bolodi ya pulayiwudi yopaka penti wakuda, choko, mabenchi awiri ndi kope lanu lalikulu lolembamo mayina ndi malipiro, basi mwayamba. Malo akhale oonekera: pakhonde, pansi pa mtengo wamango, kapena m'chipinda cha tchalitchi mutapempha kwa akuluampingo. Musamadzitsekere m'nyumba ndi mwana mmodzi, kaya ndi wamkazi kaya wamwamuna. Izi zimateteza mwanayo, zimatetezanso dzina lanu.

Ngati ndinu mphunzitsi wa boma, dziwani kuti Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukuletsa zolipiritsa ana pa makalasi owonjezera m'sukulu za boma. Musagwiritse ntchito kalasi ya sukulu, ndipo musalipiritse ana amene mumawaphunzitsa nokha m'mawa. Makolo amayamba kuganiza kuti mukubisa maphunziro mwadala kuti muziwagulitsa masana, ndipo mbiri yotere sichedwa kufika kwa ahedi.

Chachiwiri, muyeseni mwana musanatchule mtengo

Tsiku loyamba likhale laulere, ndipo likhale la mayeso aafupi. Musawatchule kuti mayeso, ana ena amauma nawo mutu mawuwo. Ingonenani kuti, "Tiye tione zimene ukudziwa kale." Mphindi 40 zikwana.

Pa masamu konzani mafunso khumi okha, oyamba ndi ophweka kwambiri n'kumakwera: kuphatikiza kosunga, kuchotsera kobwereka, matebulo ochulukitsa, kugawa kwakutali, mafulakishoni, madesimo, peresenti, ndi mafunso awiri a nkhani olembedwa m'Chingerezi. Chofunika kwambiri si malikisi amene apeze. Khalani pambali pake muziona mmene akulembera, chifukwa yankho lolakwika limaulula chimene chili m'mutu mwake.

Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 7 amene amayi ake akuti "masamu amukana". Mwamupatsa 503 − 278, iye walemba 375. Yankho loona ndi 225, koma 375 sanaitole m'mwamba. Pa mzere uliwonse wachotsa nambala yaing'ono pa yaikulu: 8 kuchotsa 3 ndi 5, 7 kuchotsa 0 ndi 7, 5 kuchotsa 2 ndi 3. Ndiye kuti kubwereka sakukudziwa, makamaka pakakhala ziro pakati. Imeneyi ndi ntchito ya makalasi a m'munsi. Mwamupatsanso 1/2 + 1/3, walemba 2/5: waphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha. Mwamufunsa 7 × 8, akuyamba kujambula timizere kuseri kwa kope n'kumawerenga. Mwana ameneyu mukathamanga naye ku peresenti ndi chiwongoladzanja poti ndi zimene akuphunzira kusukulu sabata ino, mutaya miyezi itatu, makolo ataya ndalama, ndipo lipoti lidzabwera chimodzimodzi.

Pa mafunso a nkhani pali kachinthu kamodzi koti muchite nthawi zonse. Mwana akalephera, muwerengereni funso lomwelo m'Chichewa. Akalipeza, vuto lake si masamu koma Chingerezi. Ana ambiri amene amati ndi ofooka pa masamu ali m'gulu limeneli, n'chifukwa chake maphunziro awiriwa amayenera kuyendera limodzi kwa mphunzitsi mmodzi.

Pa Chingerezi, mupatseni ndime ya m'buku la kalasi lake kuti awerenge mokweza kwa mphindi imodzi. Akamakakamira mawu oposa limodzi pa mawu khumi aliwonse, bukulo lamukulira. Tsikani kalasi imodzi, muyesenso, mpaka mupeze pamene akuwerenga mosadodoma. Kenaka tsekani bukulo mumufunse kuti akuuzeni m'Chichewa zimene wawerenga. Alipo ana otchula mawu mokoma ngati owerenga nkhani pawailesi, koma osamva kanthu. Pomaliza alembe ziganizo zisanu za zimene anachita dzulo. M'ziganizo zisanuzo mudzaona ngati amatha kusintha mneni kuti akhale wa nthawi yakale, ngati amasiyanitsa "he" ndi "she" poti m'Chichewa tonse ndi "iye", ngati amasokoneza l ndi r polemba, ndiponso ngati amadziwa poika mpumiro ndi chilembo chachikulu.

Zimene mwapeza zilembeni pa tsamba limodzi, makolo akabwera muwaonetse pepala la mwanayo. Nenani mwaulemu koma mosabisa: "Mayi, mwanayu si wopusa ayi. Pali zinthu zitatu zimene anazidumpha kumbuyoku. Tikazikonza teremu ino, teremu yamawa tizithamanga ndi za kalasi yake." Kholo limene laona 375 uja ndi maso ake silivuta kumvetsa chifukwa chimene mwana wa Sitandade 7 akubwerera kunyumba ndi homuweki yochotsera.

Chachitatu, magulu ndi ndondomeko ya tsiku

Gawani ana potengera pamene afika, osati kalasi yokha. Wa Sitandade 6 wakuthwa ndi wa Sitandade 7 wotsalira akhoza kukhala benchi imodzi. A Sitandade 8 okha ndiwo muwapatule, poti iwo akuthamangitsana ndi kalendala. Gulu lisapitirire ana asanu ndi atatu. Kusukulu mwana amachokera m'kalasi ya ana mwina oposa 80, mmene mphunzitsi sangaone kope lake tsiku lililonse. Chimene makolo akugula kwa inu ndi diso la mphunzitsi pa kope la mwana wawo. Mukadzaza ana 30 pakhonde, mwangotsegula sukulu ina yofanana ndi imene yamulepheretsa.

Masiku atatu pa sabata, ola limodzi ndi theka, ndi muyeso wabwino. Ana aweruke, akadye nsima, atsuke mbale, mudzayambe cha m'ma 3 koloko. Miyezi ya Juni ndi Julayi kumada msanga, ndiye pofika hafu pasiti 4 akhale atanyamuka, makamaka atsikana ndi ochokera kutali. Nthawi yadzinja gwirizanani ndi makolo kuti tsiku lophonyedwa ndi mvula muzilibweza Loweruka m'mawa.

Ola ndi theka lija ndimaligawa motere. Mphindi khumi zoyamba ndi matebulo apakamwa, mosatsata ndondomeko, chifukwa mwana woimba tebulo ngati nyimbo amayenera kuyambira pa 7 × 1 kuti akafike pa 7 × 8. Kenaka theka la ola la masamu pa mutu umodzi wokha. Kwa mtsikana wathu uja, kubwereka kuyambe ndi zinthu zogwirika: timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, mitolo khumi n'kumangidwanso kukhala mtolo wa 100. Muuzeni achotse 8 pa timitengo titatu. Aona yekha kuti ayenera kumasula mtolo, ndipo popeza pa makumi palibe kanthu, ayenera kuyamba wamasula wa 100. Akachita zimenezi kangapo ndi manja, kufufuta 5 n'kulemba 4 pamwamba pake kumakhala ndi tanthauzo. Pa mafulakishoni pindani pepala pakati, lina patatu, lina pasanu ndi kamodzi, aziike pamodzi aone kuti theka ndi 3/6, gawo limodzi la magawo atatu ndi 2/6, zonse pamodzi 5/6. Mufunseninso kuti 2/5 wake uja ndi wamkulu kapena wamng'ono poyerekeza ndi theka. Akazindikira kuti waphatikiza kanthu pa theka n'kupeza chochepera theka, sadzabwerezanso.

Theka la ola lotsatira ndi Chingerezi: kuwerenga mokweza mosinthana, mafunso a zimene awerenga, ndi kulemba ziganizo zawozawo. Galamala yongokopera pabolodi siwathandiza kwenikweni. Ndi bwino mwana alembe ziganizo zitatu zake, muzichonge ali pomwepo, azilembenso zokonzedwa. Sabata iliyonse tenganiko mawu a m'mafunso a masamu monga "altogether", "left", "share equally" ndi "difference", muwaike m'nkhani za kumsika ndi kuchigayo. Koma achenjezeni kuti asamangosaka liwu limodzi n'kuthamangira kuphatikiza kapena kuchotsera. Azinena kaye nkhani yonse m'Chichewa, kenaka asankhe chochita. Musawaletse Chichewa pakhonde panu, ndipo chindapusa cha wolankhula Chichewa musachiyambe n'komwe. Chimangotseka pakamwa ana omwe mukufuna kuti azifunsa.

Mphindi zotsalazo n'zochonga ndi kupereka homuweki yochepa, masamu asanu ndi ziganizo zitatu. Homuweki yakusukulu musamawalembere. Mutha kufotokoza chitsanzo chofanana nayo, koma mukayamba kupereka mayankho, malikisi a m'kope adzakwera pamene mayeso a kumapeto kwa teremu akutsika, ndipo makolo adzadziwa.

Pakatha milungu inayi bwerezani mayeso oyamba aja, mutangosintha manambala. Apa ndi pamene mumadziwira ngati njira yanu ikugwira. Mwana akapanda kusuntha ngakhale pang'ono pamene akubwera tsiku lililonse, yang'anani zina: kodi amafinya maso poyang'ana bolodi, amatembenuzira khutu limodzi kwa inu, amabwera asanadye? Zotere uzani makolo apite naye kuchipatala, si za choko.

Chachinayi, kopeza ana

Ana atatu oyamba achokere kwa anthu okudziwani: aneba, a kumpingo kapena kumzikiti, amayi a banki m'khonde. Pemphani kuti chilengezo chanu chiwerengedwe pa zolengeza za Lamulungu kapena Lachisanu. Kapepala komata pachigayo, pa okala kapena pamjigo kamagwira ntchito kakakhala kachindunji: makalasi ake, maphunziro ake, masiku, malo, nambala ya foni, ndi mawu oti kuyesa mwana tsiku loyamba n'kwaulere. M'tauni uthenga womwewo uponyeni pa gulu la WhatsApp la m'dera lanu, kamodzi, osati m'mawa uliwonse.

Kadzionetseni kwa ahedi a sukulu yapafupi, ndipo ngati muli kumudzi, a mfumu adziwe kuti ana azisonkhana pakhomo panu. Simukukapempha kuti akupatseni ana, mukungofuna kuti akamva za inu asadabwe. Ndipo pamaso pa ana musanyoze aphunzitsi awo. Ngati njira yanu yogawira ikusiyana ndi ya kusukulu, phunzirani ya kusukuluyo, mwana asasokonezeke.

Nthawi yabwino yolengeza ndi kumayambiriro kwa chaka cha sukulu mu Seputembala, ndi sabata imene malipoti atuluka, pamene mitima ya makolo ili m'mwamba. Ena amabwera kutatsala mwezi umodzi kuti mayeso a Sitandade 8 ayambe, akufuna zozizwitsa. Alandireni ngati muli ndi malo, koma auzeni kuti m'mwezi umodzi mungathe kumuzoloweretsa mwana mapepala akale ndi kasungidwe ka nthawi, osati kumanga zimene zinagwa zaka zitatu zapitazo. Musalonjeze kuti mwana adzasankhidwira kusekondale yogonera konko, poti malo ndi ochepa ndipo osankha si inu. Wina akakunong'onezani za likasa, kanani pomwepo. Ndi mlandu, ndipo ukhoza kumulepheretsa mwanayo mayeso onse.

Kwa a kusekondale, mfundo yokopa makolo ndi yoona kale: wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse.

Chachisanu, mtengo

Oyamba kumene amalakwitsa pawiri. Ena amatchula mtengo wongomva kwa mnzawo wa ku Area 47 pamene iwo ali ku Chinsapo. Ena amati "mungapereke iliyonse", kenaka mwezi wachitatu atopa, akuona kuti akugula choko ndi ndalama za m'thumba. Mtengo wachilungamo umawerengedwa. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti muone njira. Ikanipo anu malinga ndi mitengo ya kwanu lero.

Muli ndi ana asanu ndi mmodzi, masiku atatu pa sabata, ola ndi theka. Pa mwezi ndi masiku 12, maola 18. Onjezerani theka la ola tsiku lililonse lokonzekera ndi kulemba mafunso, maola 6. Onse pamodzi maola 24. Tinene kuti ola lanu mwaliika pa K3,000, poyerekeza ndi zimene mukanapeza pa ntchito ina yofanana ndi sukulu yanu. Thukuta lanu ndi K72,000. Tsopano zolowa: choko, mapepala ndi zolembera K8,000, fotokope K10,000, mayunitsi ndi bandulo yolankhulira ndi makolo K6,000. Zimenezi ndi K24,000. Zonse pamodzi K96,000.

Musagawe ndi 6. Gawani ndi 5, chifukwa mwezi uliwonse pamakhala mmodzi wochedwa kulipira, wodwala, kapena wosamuka. K96,000 kugawa 5 ndi K19,200, tingoti K20,000 mwana mmodzi pa mwezi. Powauza makolo, agawireninso pa tsiku: ndi pafupifupi K1,700 pa phunziro la ola ndi theka la maphunziro awiri. Ambiri akamva choncho amaona kuti si zoba.

Kenaka yesani mtengowo ndi matumba a anthu a m'dera lanu. Funsani mwakachetechete zimene ena akulipiritsa, ndi kuchuluka kwa ana pagulu lawo. Ngati K20,000 yalemera, musadule thukuta lanu mwakhungu. Kwezani gulu likhale la ana asanu ndi atatu: zolowa zikwera pang'ono, tinene zonse zafika K100,000, kugawa 7 ndi pafupifupi K14,300. Kapena chepetsani masiku akhale awiri pa sabata. Kupitirira pamenepo, mwayamba kugulitsa chinthu china.

Kuphunzitsa mwana mmodzi kunyumba kwawo ndi nkhani ina. Phunziro la ola limodzi limakudyerani ola ndi theka mukawerengera ulendo, ndiye masiku 12 ndi maola 18, K54,000. Minibasi kapena kabaza kupita ndi kubwera K2,000 pa tsiku ndi K24,000, mapepala K4,000. Mtengo wafika K82,000. Makolo ena amadabwa, koma mukawalembera papepala chonchi amaona okha kumene ndalamayo ikupita. Ya thiransipoti muitchule payokha, kuti mafuta akakwera musinthe gawo lokhalo.

Za kukwera kwa zinthu, onse amene anaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti mtengo wa chaka chatha sungakhale wa chaka chino. Gwirizanani poyamba kuti mtengo uziunikidwa kumayambiriro kwa teremu, osati pakati, ndipo muziwachenjeza mwezi umodzi zisanachitike.

Ana awiri a nyumba imodzi, wachiwiri mutha kumutsitsira gawo limodzi la magawo anayi. Ngati mtima ukukuuzani kuthandiza mwana wamasiye, sankhani malo amodzi aulere pagulu, mudziwe kuti ndi amodzi, ndipo anzake asadziwe kuti ndi ndani. Kumudzi kulipira ndi chimanga, mtedza kapena nyemba kulibe vuto, bola mugwirizane muyeso ndi mtengo wa tsiku lopereka. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, fizi yakusukulu, feteleza ndi njala zonse pamodzi. Yembekezerani kuti ena apuma, ndipo sungani kangachepe pa miyezi yabwino.

Chomaliza, kalandiridwe ka ndalama

Ndalama ilipiridwe kumayambiriro kwa mwezi, pasanafike pa 5, poti olandira malipiro amakhala atangolandira. Ya kumapeto kwa mwezi imasanduka ngongole, ndipo ngongole ya mneba ndi yovuta kuitsata. Musalandire ndalama kudzera mwa mwana ngati mungapewe. Ina imathera pa mandasi panjira, mkangano n'kutsala pakati pa akuluakulu. Airtel Money kapena Mpamba ndi yabwino poti uthenga umatsala ngati umboni, ingogwirizanani kuti yotapira alipira ndani. Ya pamanja ilembedwe m'kope lanu, kholo lisaine.

Pa tsamba loyamba la kope la mwana lembani pangano lalifupi m'Chichewa: masiku, nthawi, mtengo, tsiku lolipira, ndi za kujomba. Mwana akajomba yekha ndalama sibwezedwa. Mukajomba inu, mubweza tsikulo. Pakagwa maliro kapena matenda aakulu, umunthu utsogole, koma zikhale zochokera kwa inu, osati zokakamizidwa.

Tsiku lolipira likadutsa, musamuchititse manyazi mwana pamaso pa anzake, iye sanalakwe. Imbani foni kapena pitani kunyumba: "Bambo, ndimati ndikukumbutseni za mwezi uno. Ngati zavuta, tiuzane tsiku limene mungakwanitse." Perekani sabata imodzi. Ikatha popanda kanthu, auzeni makolowo kuti mwana ayambe wapuma kufikira atakonza, malo ake muwasungira mpaka kutha kwa mwezi. Musalole kuti ngongole ifike miyezi iwiri, chifukwa ikafika pamenepo kholo limayamba kukuzembani panjira, mwana amasiya kubwera, ndipo mumataya ndalama ndi wophunzira yemwe.